Uthenga wa pa Kaunjika

Mawu a belo limodzi

Tsiku limene mlongo wanga anavala gauni ku Zomba, ine ndinali pa makina osokera ku Fordsburg ndikumalizitsa mpendero wa diresi ya mwana wa eni ake. Ulendo wa pa basi wochokera ku Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete umadya masiku awiri ngati m'malire mwayenda bwino, ndipo kupita ndi kubwera kukanandichotsera sabata yathunthu pa nyengo imene shopu yathu inali itadzaza ndi nsalu za madiresi a ana a matiriki. Choncho ndinatsala kuno ku Joni, ndipo chimene ndikanatha kumupatsa tsiku limenelo chinali mawu basi.

Usiku woti mwambo uli mawa ndinakhala pa bedi m'kachipinda kanga ku Mayfair, maso akulemera ndi tulo, n'kufufuza pa foni mawu oyamikira mlongo amene wamaliza maphunziro. Anabwera ambirimbiri, ndipo ndinasankha ndime ya Chingerezi imene inkaoneka yaulemu kuposa zinzake. Inkanena kuti ndine wonyada, kuti khama lake lapindula, kuti tsogolo lake ndi lowala, ndiponso kuti palibe chimene chingamuletse. Ndinaikopa, ndinaikapo chithunzi chake, ndipo m'mamawa ndisanapite kuntchito ndinaiponya pa sitetasi ya WhatsApp mtima uli m'malo kuti udindo wa mchimwene ndaukwaniritsa.

Yankho lake linafika madzulo, mwambo utatha. Ananditumizira chithunzi cha sitetasi ya munthu wina: mtsikana amene ankagona naye chipinda chimodzi kusukulu, nayenso ali mu gauni, ndipo pansi pake panali mawu omwewo amene ine ndinalemba, osasiyana ngakhale chilembo chimodzi. Analemba ndi mlongo wake wa mtsikanayo. Pansi pa chithunzicho mlongo wanga anawonjezera funso limodzi: "Achimwene, inu ndi alongo ake a mnzangayu munasankha pa belo limodzi?" Anaikapo tinkhope toseka titatu, ndipo ndikhulupirira kuti ankasekadi. Ine kuseka kunandikanika.

Chala cha amalume

Pa shopu pathu pali mkulu wina wa ku Mangochi amene wasoka kuno zaka zambiri kuposa tonsefe, ndipo aliyense amangowatchula kuti amalume. M'mawa mwake, tikumwa tiyi tisanayatse makina, ndinawaonetsa foni ndikuyembekezera kuti andiuza kuti ana a masiku ano sayamika. Iwo anavala magalasi, anawerenga ndimeyo pang'onopang'ono, kenaka anaphimba chithunzi cha mlongo wanga ndi chala chawo chachikulu n'kundibwezera foni pamaso, chalacho chikadali pomwepo.

"Mphwanga, iwala kuti ndi mlongo wako. Werenga mawuwa undiuze: munthuyu ndi wamkulu kapena wamng'ono kwa wolembayo? Waphunzira chiyani? Kwawo ndi kuti? Anavutika ndi chiyani?"

Ndinawerenga kawiri, ndipo panalibe funso ngakhale limodzi limene ndimeyo inkayankha. Amalume anachotsa chala n'kunena mosakweza mawu kuti, "Iwe ukabwera kasitomala umayamba watenga tepi, umamuyeza phewa, chifuwa, chiuno, n'kulemba m'buku. Ukadula nsalu usanamuyeze, ine ndimakukalipira. Nanga mwana wa mayi ako wamusokera bwanji osamuyeza?" Atatero anadzuka kukatsuka kapu yawo, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso.

Kuyambira tsiku limenelo uthenga uliwonse wotere ndimauyesa ndi chala cha amalume. Mukaphimba dzina ndi chithunzi, n'kuganiza za munthu wina aliyense amene wavala gauni chaka chino, kaya ku Mzuzu kaya ku Bunda, ndipo mawuwo n'kumukwana iyenso popanda kusintha kanthu, dziwani kuti mawuwo alibe mwini. Chiganizo chilichonse chiyesedwe pachokha. Mu ndime yanga ija munali ziganizo zinayi, ndipo zonse zinayi zinalephera.

Kuyeza munthu amene uli naye kutali

Sitetasi imazimiririka yokha pakatha maola 24, kotero manyazi aja anadzichotsa okha. Koma abale ndi anthu a kumpingo kwathu ku Dedza amaona kwambiri Facebook, ndipo kumeneko ndinali ndisanalembe kanthu. Ndinadzipatsa masiku atatu. Ena anganene kuti uthenga woyamikira ukachedwa umazizira, koma ine ndinaona kuti pa tsiku la mwambo munthu amalandira mauthenga ochuluka moti ambiri sawawerenga n'komwe, pamene wobwera phokoso litatha amauwerenga ali yekha.

Ndinatenga buku lakale la malisiti n'kuyamba kulemba kuseri kwa masamba zinthu zimene ndikudziwa za mlongo wanga zomwe munthu wongomuona pa chithunzi sangazidziwe. Ndinadziletsa kulemba makhalidwe monga "wakhama", "waulemu" kapena "wanzeru", chifukwa mawu amenewa ndi omwe adzaza pa belo paja. Ndinkafuna zochitika: malo, nthawi, chinthu chogwirika, kapena mawu amene iye ananena ndi pakamwa pake.

Ndinapeza zinthu zisanu ndi zinayi, ndipo nditaziyang'ana bwino mtima unandipweteka, chifukwa zisanu ndi ziwiri mwa izo zinali za kale 2016 isanafike, chaka chimene ndinakwera basi kubwera kuno iye ali Fomu 2. Ndinkakumbukira kamtsikana kamene kankathandiza amayi kugulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu wa M1, kamene kankatchula chenje wogula asanamalize kutulutsa ndalama m'thumba. Koma za mayi wamkulu amene wakhala ku Chanco zaka zonsezi ndinali ndi mizere iwiri yokha. Ndimo ndinazindikira kuti sindinakope ndime ija chifukwa cha kutopa kokha. Ndinaikopa chifukwa inkandibisa. Zaka zonsezi zokambirana zathu zinali zazifupi ndi zofanana: iye kunena kuti fizi yakwana nthawi, ine kunena kuti ndatumiza pa Mukuru, iye kunena kuti walandira ndipo Mulungu adalitse. Munthu amatha kutchona ngakhale akutumiza ndalama mwezi ndi mwezi.

Zimene ndinachita pofuna kudzaza masamba aja n'zosavuta, koma zinatenga mausiku awiri. Ndinabwerera m'mbuyo m'macheza athu a pa foni n'kumvetseranso mauthenga a mawu amene ambiri ndinkawamvera mwachangu, makina akulira, ndikungofuna kumva kuti pakufunika zingati. Kenaka ndinaimbira amayi. Sindinawafunse kuti mwana wawo ndi munthu wotani, chifukwa funso lotero limabala mawu a pa belo omwewo. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, akabwera ku holide amatani m'mawa akadzuka?" Anayankhula mphindi makumi awiri osapuma.

Mu uthenga wina wa mawu wa mu 2020, sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha mliri wa korona, iye ankandiuza za fetereza wa amayi, koma kumbuyo kwake kunkamveka ana akuimba mathebulo a masamu, tambala akulira, ndipo pakati pa chiganizo anasiya kuyankhula nane n'kukuwa kuti, "Ayi, seveni taimusi eyiti si fifite foro, yambiraninso!" Nthawi imeneyo sindinafunse kuti ana amenewo ndi ayani. Amayi ndiwo anandifotokozera kuti miyezi yonse imene anakhala pakhomo ankasonkhanitsa ana a m'mudzi pakhonde, akulemba ndi khala pa lata lakale limene linatsala pofolera khitchini, osalipiritsa aliyense. Munthu amene ankalandira digiri ya uphunzitsi wa masamu anali atayamba kale ntchitoyo pakhonde la amayi, ine ndikumva ndi makutu anga osazindikira.

Uthenga wachiwiri, umene unali wa ine

Ndinalemba kachiwiri, tsopano ndi mawu angaanga, ndipo ndinasangalala nawo mpaka pamene ndinawawerenga mokweza. Ndinali nditayamba ndi tsiku limene ndinachoka kumudzi, n'kufotokoza za kuzizira kwa Juni kuno, za kusoka mpaka usiku, za marandi amene ndinkadzimana kuti fizi isadukize, za kakyuleta imene ndinamutumizira kudzera kwa transipota. Zonsezi zinali zoona, ndipo palibe amene akananena kuti ndakopa. Koma nditawerenga kuti mneni aliyense akunena za yani, ndinapeza kuti "ndina-" analipo kakhumi ndi kamodzi, pamene "una-" analipo kawiri. Uthengawo unali risiti.

Cholakwika ichi n'chofala kwa ife amene tili kunja ndipo tinathandizapo pa sukulu ya m'bale, ndipo n'chovuta kuchiona chifukwa chimabwera chitavala chikondi. Ukalemba pagulu kuti unalipira, anthu oyankha amayamba kuyamikira iwe, ndipo mwini gauni amasanduka ngongole yoyenda imene mudzi wonse ukuidziwa. Kwathu pa chinkhoswe kapena pa ukwati munthu akamafupa amavina, amaponya ndalama yake mu lichero n'kubwerera pamalo pake. Sayima pakati pa bwalo kufotokoza mmene anaipezera. Ndinafufuta marandi onse, ndinafufuta kakyuleta, ndipo za ine ndinasiya chiganizo chimodzi chokha, chonena kuti sindinalipo.

Panalinso zinthu ziwiri pa mndandanda wanga zimene zinali zamphamvu kuposa zonse, zokhudza chaka china chimene zinthu zinamuvuta kusukulu. Zikanakhudza mitima ya owerenga, ndipo n'chifukwa chake ndinaziopa. Nkhani ikakhala kuti mwini wake sanaifotokozepo pagulu, si ine woyenera kuitulutsa pa tsiku la chisangalalo chake, pamaso pa azakhali, akumpingo ndi aphunzitsi amene mwina adzagwira nawo ntchito. Sindinazilembe paja ndipo sindizilemba pano. Nkhani ya ana a pakhonde inalibe vuto limeneli, pakuti mudzi wonse unaiona ndipo imamukweza.

Iwe kapena inu

Ndime ya Chingerezi ija inandipulumutsa ku zisankho zimene Chichewa sichilola munthu kuzizemba, ndipo nditayamba kulemba m'chiyankhulo chathu zinandipeza zonse. Choyamba chinali chakuti ndimutchule kuti iwe kapena inu. Pa foni ndimati iwe, poti ndinamuberekapo kumbuyo ali khanda. Koma uthengawu unali wa pagulu, ndipo iye tsopano ndi mphunzitsi amene ana a eni adzamutchula kuti madamu. Ndinayesa kulemba ndi inu, ndipo zinamveka ngati kalata ya komiti ya sukulu. Ndinabwerera ku iwe, koma ulemu ndinauika pa mfunda: ndinayamba ndi "Naphiri", mmene malemu bambo athu ankamuitanira akachita chinthu chowasangalatsa. Akanakhala mlongo wanga wamkulu sindikanayerekeza n'komwe, ndikanati inu achemwali kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Chachiwiri chinali mawu enieni oyamikira. Kwathu munthu akapambana sitikhala ndi liwu limodzi loti tingomuponyera. Amayi amaimba nthungululu, abambo amati wagwira ntchito, anzake amati watichotsa manyazi kapena takunyadira. Ndinasankha "wagwira ntchito" chifukwa ndi mawu amene timauza munthu wochokera kumunda khasu lili paphewa, ndipo amaloza pa zimene wachita, osati pa mmene ine ndikumvera.

Ndinayesanso kuikapo mwambi woti kanthu ndi khama, phwiti anakwatira njiwa, ndipo unalephera pa chala cha amalume mofanana ndi Chingerezi chija, pakuti umakwana aliyense amene wakhoza mayeso kuyambira Sitandade 8. Chimodzimodzi Yeremiya 29:11, vesi labwino limene ndinaliona pansi pa zithunzi zingapo za magauni sabata yomweyo. Kulemba m'Chichewa pakokha sikuchotsa fungo la kaunjika, chifukwa nafenso tili ndi mabelo athu. Komabe kusatchula Mulungu kukanawadabwitsa amayi, choncho ndinatenga mawu amene iwo ananena pa foni paja, oti Mulungu sanagone, n'kuwalemba monga mawu awo.

Chomaliza chinali kutchula bwino chimene wamaliza. Anthu ambiri amalemba kuti "wamaliza sukulu" chifukwa sadziwa dzina la maphunzirowo, ndipo mwini wake amazindikira msanga. Ine ndinafunsa msuweni wathu amene anapita ku mwambowo kuti andiwerengere zimene zinalembedwa pa pepala. Ndinaonetsetsanso dzina la sukulu, chifukwa iye analowa ikutchedwa Chancellor College, ndipo mu 2021 makoleji atagawidwa, Polytechnic n'kukhala MUBAS, za udokotala ndi unamwino n'kukhala KUHeS, dzina la University of Malawi linatsalira ku Zomba. Mu uthengawo ndinangolemba kuti Chanco, mmene iye mwini amanenera.

Zimene ndinalemba

Facebook imadula uthenga wautali n'kuika "See more", ndipo anthu ambiri sadina pamenepo, makamaka amene bandulo ikuwathera. Choncho chinthu chimene chili chake yekha chinayenera kukhala m'mizere yoyambirira, osati kumapeto pambuyo pa malonje. Uthenga wonse unali uwu:

"Naphiri, sukulu zitatsekedwa mu 2020 unatenga khala ndi lata la kukhitchini n'kuphunzitsa ana a m'mudzi mathebulo pakhonde la amayi. Ndinakumva pa foni ukuwabweza pa seveni taimusi eyiti. Lero Chanco yangovomereza zimene ana aja anadziwa kale, kuti ndiwe mphunzitsi wa masamu. Amayi akuti Mulungu sanagone. Ine sindinalipo kuti ndikuone mu gauni, ndipo zimenezi zikundiwawa, koma ndikubwera mu Disembala ndipo udzaivalanso chifukwa cha ine. Wagwira ntchito, mlongo wanga. Ana amene udzawaphunzitse akonzeke kuyambiranso mpaka akhoze."

Ndi ziganizo zisanu ndi ziwiri. Zitatu zoyamba ndi nkhani imodzi yokha, ndipo ndinakana kuwonjezera yachiwiri ngakhale kuti ya chenje cha mbatatesi inkandikoka kwambiri, chifukwa nkhani ziwiri zimalimbirana malo ndipo zitatu zimasanduka mbiri ya moyo yonga yowerengedwa pa maliro. Chiganizo cha Disembala ndinachilemba nditapita kale kukafunsa mtengo wa tikiti, pakuti lonjezo lolembedwa pagulu limene sulikwaniritsa limaipa kuposa mawu okopa. Chiganizo chomaliza chinalowa m'malo mwa tsogolo lowala lija. Sindinafune kulonjeza za ntchito, podziwa kuti kwathu aphunzitsi ambiri amadikira nthawi yaitali boma lisanawalembe, ndipo mawu oti zitseko zonse zatseguka amawawa munthu akawawerenganso patapita chaka ali pakhomo. Chimene ndinali nacho chitsimikizo n'chakuti kulikonse kumene adzaime kutsogolo kwa ana, adzawabweza mpaka akhoze.

Ndisanaponye ndinawerengera amalume mokweza, chifukwa khutu limagwira zimene diso laphonya. Anandiimitsa pa malo amodzi pamene ndinali nditalemba kuti "ndine wonyada kwambiri chifukwa cha iwe", n'kunena kuti munthu wonyada kwathu ndi wodzikweza, ndipo mawuwo ndi Chingerezi chovala chitenje. Ndinawachotsa. Chithunzinso ndinayamba ndamufunsa mwini wake kuti ndiike chiti, ndipo anakana chimene ndinasankha chifukwa chipewa chinali chitapendekeka, n'kunditumizira china chimene ali ndi amayi.

Yankho lake

Pansi pa uthengawo anangolemba kuti "Zikomo achimwene", monga amachitira ndi aliyense. Yankho lenileni linabwera usiku pa WhatsApp, uthenga wa mawu wa mphindi zinayi, wautali kuposa uliwonse umene ananditumizirapo chibwerereni kuno. Anati anawawerengera amayi kawiri, ndipo amayi anafunsa ngati anthu a ku Joni nawonso awona kuti khitchini yawo ili ndi malata. Anati mmodzi mwa ana a pakhonde aja tsopano ali ku sekondale, ndipo akumuvutitsa kuti amuthandize alijebura. Kenaka anatsitsa mawu n'kunena kuti sankadziwa kuti mauthenga ake ndinkawamvera mpaka kumapeto. Sindinamuuze kuti ena ndinawamaliza sabata yomweyo.

Pomaliza anandikonza. "Koma achimwene, mwalakwitsa pawiri. Silinali lata la kukhitchini, amayi asokoneza, chinali chitseko chakale cha bafa. Ndipo gauni ija inali yobwereka, ndabweza kale. Ngati mukufuna kundiona nditavala mu Disembala, inu ndinu telala."

Za chitseko sindinasinthe, chifukwa amayi anali atauza kale anthu za malata awo. M'mawa mwake ndinamutumizira mndandanda wa malo oti adziyeze ndi tepi, phewa, mkono ndi kutalika kuchokera pakhosi kufika pansi pa bondo, ndipo Loweruka ndinalowa ku Oriental Plaza kukafuna mamita anayi a nsalu yakuda.